Momwe mungawerengere masiku amene mpamba wanu umagona m'katundu ndi m'ngongole

Golosale imatha kukhala yodzaza mpaka kudenga, buku likuonetsa phindu, koma tsiku lokapikula ku Limbe likafika m'kabati mulibe ndalama. Ndalamazo sizinabedwe. Zagona pashelefu ndi m'manja mwa anthu, ndipo mungathe kuwerenga masiku amene zimagonamo.

Tiyerekeze sitolo ya pa Chitakale yomwe imagulitsa katundu wa K3,600,000 pamwezi, katunduyo atapikulidwa pa K3,000,000. Pogawa ndi masiku 30, malonda ndi K120,000 patsiku, ndipo katundu wotuluka patsiku anagulidwa K100,000.

Yambani ndi katundu. Werengani zonse, zapashelefu ndi zakuseri komwe, pamtengo womwe munapikulira. Ambiri amalakwitsa pamenepa powerengera mtengo wogulitsira, masiku n'kuoneka ochuluka kuposa mmene alili. Mukapeza K4,000,000, gawani ndi K100,000: katundu amakhala masiku 40 asanatuluke. Ndi bwino kuwerenga kumayambiriro ndi kumapeto kwa mwezi n'kutenga chapakati, chifukwa tsiku lomwe lole yangotsitsa kumene limanamiza.

Kenako tsegulani kope la ngongole lija, momwe muli aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi odikira malipiro. Ngati onse pamodzi akusunga K1,800,000, gawani ndi K120,000. Apa ndi masiku 15.

Chachitatu ndi ngongole yanu kwa okupikulitsani. Ngati ndi K700,000, kugawa ndi K100,000 kukupatsani masiku 7. Awa ndiwo okupumitsani, choncho amachotsedwa:

40 + 15 − 7 = 48

Ndiye kuti kwacha imene mwalipira ku Limbe lero ibwerera patatha masiku 48. Ndalama zomangika ndi K4,000,000 + K1,800,000 − K700,000 = K5,100,000, ndipo malonda akamakula nazonso zimakula. N'chifukwa chake sitolo yoyenda bwino imatha kusowa zolipirira lendi.

Ine ndingayambire pa katundu, chifukwa ndiye ali m'manja mwanu. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimatha mlungu umodzi. Zomwe zimakoka masiku 40 aja ndi makatoni ochita fumbi pamwamba, omwe munagula ambiri poti anakutsitsirani mtengo. Agulitseni ngakhale pamtengo wopikulira. Masiku akatsika kufika 30, K1,000,000 yabwerera m'kabati osakongola kubanki.

Koma musadule mopitirira. Wofuna shuga akamupeza kulibe kawiri amazolowera sitolo ya mnzanu, ndipo maulendo a ku Limbe akachuluka thiransipoti imadya phindu. Komanso mitengo ikamakwera, monga zinachitikira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wosawonongeka amasunga mphamvu ya ndalama kuposa ndalama zili m'thumba.

Za ngongole, gwirizanani tsiku lobweza, likhale lotsatira malipiro, ndipo wosamaliza yakale asatenge ina. Dzina lomwe lakhala m'kope miyezi itatu lilembeni padera, musaliwerengerenso ngati ndalama zomwe zikubwera. Kwa okupikulitsani, pemphani masiku 14 m'malo mwa 7, koma mufunse kaye ngati mtengo wapangongole ndi womwewo ndi wa kashi.