Momwe mungatolere masitichi m'mphepete mwa juzi kuti mkombero wa khosi ndi mpendero wa mabatani zigone bwino

Juzi ikhoza kulukidwa mwaluso thupi lonse, koma mpendero wa mabatani ukapindikapindika kapena khosi likayasama, maso a munthu amathamangira pomwepo. Nthawi zambiri vuto silikhala m'manja mwa woluka ayi. Limakhala pa chiwerengero cha masitichi amene anatola m'mphepete. Mukadziwa kupeza chiwerengero chimenechi, zotsalazo ndi kungozolowera.

Kutola masitichi ndi kulowetsa singano yolukira m'mphepete mwa chinthu chomwe mwaluka kale, kukulunga ulusi watsopano pa singanoyo, n'kuukoka kuti utulukire kutsogolo ngati sitichi yatsopano. Si kukweza timaulusi takale ta m'mphepete n'kutikoleka pa singano. Amene amatero amakoka mphepeteyo mpaka kutanuka, ndipo pamatsala timabowo.

Chifukwa chake simutola pa mzere uliwonse

Yang'anitsitsani kutsogolo kwa nsalu yoluka mosalala. Sitichi iliyonse imaoneka ngati chilembo cha V, ndipo ndi yotakata kuposa kutalika kwake. Choncho pa masentimita 10 mupeza mizere yambiri kuposa masitichi. Mpendero wa mabatani umalukidwa mopingasa, kuchokera m'mbali mwa juzi, kotero m'lifupi mwa masitichi ake muyenera kufanana ndi m'litali mwa mizere ya juziyo. Mukatola sitichi imodzi pa mzere uliwonse, mpendero utalika kuposa malo ake ndipo uchita mafunde.

N'chifukwa chake oluka ambiri amati tolani 3 pa mizere 4 iliyonse: tolani, tolani, tolani, dumphani umodzi. Lamuloli ndi labwino poyambira, koma ndi bwino kulitsimikiza pa juzi yanuyo, popeza ulusi ndi manja zimasiyana.

Tiyerekeze kuti mwaluka juzi yotsegula kutsogolo ndi singano za mamilimita 4. Mwaiyala pathebulo osaikoka, mwayeza ndi tepi pakati pa nsalu, ndipo pa masentimita 10 mwapeza masitichi 22 ndi mizere 30. Mphepete yakutsogolo, kuchokera pansi kufika pomwe khosi likuyambira, ndi masentimita 45. Pa sentimita iliyonse pakufunika masitichi 2.2, ndiye 45 kuchulukitsa ndi 2.2 ndi 99. Mphepeteyo ili ndi mizere 135. Mukatola 3 pa 4 iliyonse mupeza pafupifupi 101, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi 99. Apa lamulo lija lagwira. Koma mukanapeza masitichi 20 pa mizere 30, mukanatola 2 pa mizere 3 iliyonse.

Chiwerengerocho chigwirizanenso ndi maluko a mpendero. Ngati muluka mosinthanitsa sitichi imodzi yakutsogolo ndi imodzi yakumbuyo, sankhani nambala yosagawika ndi 2, monga 99 kapena 101, kuti mbali zonse ziwiri zithere pa sitichi yofanana. Ngati muluka ziwiri zakutsogolo ndi ziwiri zakumbuyo, nambala ikhale yogawika ndi 4 kenaka muwonjezere 2, monga 98 kapena 102.

Kutola kwake

Tengani singano zocheperako kusiyana ndi zomwe munalukira thupi, za mamilimita 3.25 kapena 3.5 pa chitsanzo chathuchi. Mpendero wolukidwa mothina pang'ono umagwira mabatani bwino ndipo suchedwa kubwerera m'malo mwake ukatanuka.

Musanatole ngakhale imodzi, gawani mphepeteyo. Ipindeni pakati, mumange kaulusi ka mtundu wina pamenepo, kenaka pindaninso theka lililonse. Mwapeza zigawo 4. Pa masitichi 99, zigawo zitatu zitenge 25 ndipo chimodzi chitenge 24. Kugawa kumeneku anthu amakudumpha chifukwa chofulumira, komatu ndi kumene kumakupulumutsani. Mukalakwitsa mumadziwira pa chigawo choyamba, osati mutafika kale kukhosi.

Tsopano gwirani juzi mbali yakunja itayang'ana kwa inu, mphepete ili pamwamba, ndipo muziyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pezani mzera wa ma V woyambirira m'mphepete ndi wachiwiri wake. Mukatanula pang'ono muona timaulusi topingasa pakati pawo, ngati masitepe a makwerero, ndipo kabowo kalikonse pakati pa timaulusito ndi mzere umodzi. Lowetsani singano m'kabowo koyamba kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kulungani ulusi ngati mukuluka sitichi yakutsogolo, kokani utuluke. Siyani mchira wa ulusi wa masentimita pafupifupi 15 woti mudzausokerere pambuyo pake. Pitirizani m'mabowo otsatira, mukudumpha lachinayi lililonse.

Chofunika kwambiri apa n'choti musachoke mu mzera womwe mwayambamo. Mukalowa nthawi ina pansi pa sitichi yathunthu, nthawi ina pansi pa theka lake, msoko uoneka wokhotakhota ngakhale chiwerengero chikhale cholondola. Ine ndimakonda kulowa sitichi yathunthu mkati, chifukwa sitichi ya m'mphepete nthawi zambiri imakhala yosaoneka bwino, ndipo njira imeneyi imaibisa kumbuyo. Pa ulusi wonenepa kwambiri mukhoza kulowa theka lokha kuti kumbuyo kusachite chithumba.

Sitichi yoyamba ndi yomaliza zikhale kumapeto kwenikweni kwa mphepete. Mukayambira mzere umodzi kapena iwiri m'mwamba, mpendero ufupika ndipo pansi pa juzi paoneka ngati padyedwa. Ngati nsonga ya singano ikukanika kukoka ulusi, gwiritsani ntchito kasingano kokhota kumapeto, mukoke nako sitichi n'kuikoleka pa singano yolukira.

Pali mitundu iwiri ya mphepete yomwe lamulo la 3 pa 4 siligwira. Pa nsalu yomwe mizere yonse munaluka ndi sitichi yakutsogolo, ija yokhala ndi timizere totukuka mbali zonse, tolani imodzi pa kamzere kotukuka kalikonse. Ndipo ngati poluka thupi munkasuntha sitichi yoyamba ya mzere osailuka, mphepete yanu ili ndi bowo limodzi pa mizere iwiri. Masitichi achepa, ndiye muyenera kutola awiri m'mabowo ena kapena kulowa mkati pang'ono pomwe mizere yonse ikuoneka.

Khosi

Khosi ndi lovutirapo chifukwa lili ndi mphepete za mitundu itatu pamalo amodzi. Pomwe munatseka masitichi mopingasa, monga kumbuyo kwa khosi ndi pakati kutsogolo, tolani imodzi pa sitichi iliyonse. Pomwe pali poongoka mokwera kupita paphewa, tolani 3 pa 4 monga kale. Pomwe pali popendekera chifukwa munkachepetsa masitichi, tolani pafupifupi pa mzere uliwonse, mukungodumpha apo ndi apo, popeza mphepete yopendekera ndi yaitali kuposa yoongoka ya mizere yofanana.

Nachi chitsanzo pa juzi yotseka ya khosi lozungulira, ya muyeso womwe uja wa masitichi 22 ndi mizere 30 pa masentimita 10. Mapewa onse mwasoka kale ndipo mugwiritsa ntchito singano yozungulira yaifupi, ya masentimita 40, kapena singano zazifupi zosongoka mbali zonse. Yambirani pa msoko wa phewa lakumanzere la wovala, mutsikire kutsogolo. Pa mizere 12 yoongoka tolani 9. Pa mizere 10 yopendekera tolani 9. Pa timasitepe tiwiri pomwe munatseka masitichi 2 ndi 3 tolani 5. Mbali imeneyi yakupatsani 23. Pakati kutsogolo pali 14, mbali inayo 23 enanso, ndipo kumbuyo 34. Onse pamodzi ndi 94. Nambalayi ikugawika ndi 2, choncho ikukwanira pa maluko a imodzi-imodzi. Pa maluko a ziwiri-ziwiri ozungulira pamafunika yogawika ndi 4, ndiye pa mzere woyamba lukani masitichi awiri pamodzi kawiri, chakumbuyo kwa khosi, mutsale ndi 92. Werengani mbali ziwirizo mosamala. Kwina kukakhala 23 kwina 27, mkombero upendama ndipo wovala azingoukoka.

Pa malo otsekedwa mopingasa, singano ilowe pakati pa V amene ali pansi pa unyolo wa masitichi otsekedwawo, osati pansi pa unyolowo pokha. Mukatero mizera ya thupi imapitirira kulowa mu mkombero ngati sinadukepo.

Ndiye pali mabowo a pa timasitepe. Pakona pomwe masitichi otsekedwa akumana ndi mzere wotsatira pamakhala bowo lalikulu, ndipo singano imafuna kulowa pomwepo chifukwa ndi pofewa. Musalole. Sitichi yotoledwa m'bowo imalikulitsa. Lowani mu sitichi yolimba ya pambali kapena ya mzere wapansi pake, bowolo lidzatsekeka lokha n'kubisala kumbuyo. Likaonekabe, pa mzere woyamba lukani sitichi ya pamenepo moipotoza, polowetsa singano ku mwendo wake wakumbuyo.

Momwe mungadziwire kuti zalakwika

Lukani mizere 3 kapena 4, kenaka yalani juzi pathebulo, masitichi mutawamwaza bwino pa singano. Mpendero ukamachita mafunde kapena mkombero ukamaima kutali ndi khosi, masitichi achuluka. Thupi la juzi likamachita makwinya pafupi ndi msoko, kapena kutsogolo kukamakokeka m'mwamba, achepa. Akachuluka pang'ono, bwererani pa mzere woyamba muchepetse mofanana m'zigawo zonse. Akachepa, masulani mutolenso. Kuwonjezera masitichi pambuyo sikuchotsa makwinya, chifukwa msoko weniweniwo ndi umene wathina.

Pa juzi ya mabatani yambani ndi mbali yosokererapo mabatani, mulembe chiwerengero chomwe mwatola, ndipo mbali ya mabowo itenge chomwecho ndendende. Mbali yoyambayo ikatha, ikani zizindikiro pomwe mabatani akhale, muwerenge masitichi a pakati pawo, ndipo mabowo a mbali inayo muwaike potsatira nambala zomwezo, pa mzere wapakati pa mpendero. Pa batani laling'ono, kukulunga ulusi kamodzi pa singano n'kuluka masitichi awiri otsatira pamodzi kumapereka bowo lokwanira.

Potseka, tsatirani maluko: yakutsogolo muiluke chakutsogolo, yakumbuyo chakumbuyo. Mpendero wa mabatani utsekeni mosathina komanso mosatayirira, kuti ugone chogona. Mkombero wa juzi yotseka ndiye umafuna kumasuka ndithu, makamaka ya mwana, yemwe mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Tsekerani ndi singano yokulirapo, ija ya mamilimita 4 kapena kuposerapo, ndipo musadule ulusi mpaka juziyo itadutsa pamutu wa mwini wake popanda kulimbana nayo.