Linki yotsitsira fayilo inafa ndili pakati

Ndinkatsitsa fayilo ya 2 GB usiku, bando yotchipa ija. Netiweki itaduka ndinagona, ndipo m'mawa nditadina kuti ipitirize panangotuluka "403 Forbidden" ndi mawu akuti "Request has expired".

Poyamba ndinaganiza kuti anditsekera akaunti. Nditayang'anitsitsa linkiyo, kumapeto kwake ndinapeza kachidutswa aka:

```
X-Amz-Expires=3600
```

Ndiye kuti linkiyo inapatsidwa moyo wa masekondi 3600, ola limodzi basi, kuwerengera pa nthawi yolembedwa pa `X-Amz-Date`, kachidutswa kena ka linki yomweyo. Ndinayesa kusintha nambalayo, koma zinakanika, chifukwa `X-Amz-Signature` ndi siginecha ya linki yonse. Ukasintha chilembo chimodzi seva imakana.

Ndinabwerera patsamba lomwe panali batani lotsitsira, ndinalowanso ndi pasiwedi, n'kudina batanilo kuti lindipatse linki yatsopano. Pofuna kusataya zomwe ndinali nditatsitsa kale, ndinagwiritsa ntchito curl, pulogalamu yotsitsira mafayilo polemba malamulo. Ndinalemba:

```
curl -C - -o fayilo.zip "LINKI_YATSOPANO"
```

Dzina la fayilo liyenera kukhala lomwelo la fayilo yosatha ija, ndipo zizindikiro " " musaziiwale, apo ayi linki imadukira pa chizindikiro cha &. Inapitirira pomwe inalekera.