Momwe mungawerengere katundu amene roketi ingakweze, ndi chifukwa chake imataya zigawo zake m'njira

Roketi ya Saturn V, imene inanyamula anthu opita ku mwezi mu 1969, inkalemera matani pafupifupi 2,900 ponyamuka, koma katundu amene inkatha kufikitsa m'njira yozungulira dziko sankakwana n'komwe matani 5 pa matani 100 aliwonse. Chimachititsa zimenezi ndi lamulo la masamu limene Konstantin Tsiolkovsky, mphunzitsi wa ku Kaluga m'dziko la Russia, analifalitsa mu 1903. Mukhoza kuliyesa nokha ndi kakyuleta ya pafoni, bola ikhale ndi mabatani a `ln` ndi `e^x`.

```
Δv = ve × ln(m0 / mf)
```

Apa `Δv` ndi liwiro limene roketi iwonjezere, `ve` ndi liwiro la mpweya wotentha umene ukutuluka kumbuyo kwa injini, `m0` ndi kulemera kwa roketi itadzaza mafuta, ndipo `mf` ndi kulemera kwake mafuta atatha. Tikamanena mafuta tikuphatikiza ndi okosijeni wamadzi amene roketi imanyamula kuti moto uyake, yemwe nthawi zambiri amalemera kuposa palafini kapena haidirojeni amene akuwotchedwayo.

Choyamba, dziwani liwiro limene likufunika

Kuti chinthu chizizungulira dziko chapafupi osagwa, chiyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 7.8 pa sekondi. Roketi imafunika liwiro loposa pamenepo, chifukwa pokwera imalimbana ndi mphamvu yokoka ya dziko komanso mpweya umene umaibweza. Pachifukwachi tigwiritsa ntchito makilomita 9.4 pa sekondi.

Chachiwiri, sankhani mafuta

Injini yowotcha palafini ndi okosijeni imatulutsa mpweya pa liwiro la makilomita 3 mpaka 3.4 pa sekondi, pomwe ya haidirojeni imafika cha pa 4.4. Ife titenga 3.3. Mukapeza mphamvu ya injini italembedwa ngati `Isp` m'masekondi, ichulukitseni ndi 9.81 kuti mupeze `ve` m'mamita pa sekondi.

Chachitatu, pezani kulemera kotsala mafuta akatha

Tembenuzani lamulo lija motere:

```
m0 / mf = e^(Δv / ve)
```

Gawani 9.4 ndi 3.3, mupeza 2.85, kenako dinani `e^x` ndipo yankho likhala pafupifupi 17.3. Tanthauzo lake n'lakuti roketi iyenera kulemera kuwirikiza ka 17.3 ponyamuka poyerekeza ndi mmene ilemerere ikafika. Tikatenga roketi ya matani 100, matani 94.2 ayenera kukhala mafuta okhaokha, ndipo matani 5.8 otsalawo ndiwo agawane matanki, mainjini, mapaipi ndi katundu yense.

Gwero la vutoli n'lakuti mafuta amene adzawotchedwe kumapeto ayenera kunyamulidwa ndi mafuta oyambirira. Mukawonjezera mafuta mwawonjezeranso mtolo, motero kuti muwonjezere liwiro la makilomita 3.3 pa sekondi muyenera kuchulukitsa kulemera koyambira ka 2.7, ndipo mukafunanso ena 3.3 muchulukitsenso ka 2.7.

Chachinayi, chotsani kulemera kwa matanki ndi mainjini

Apa ndi pamene nkhani imavuta. Tiyerekeze kuti pa matani 92 aliwonse a mafuta pakufunika matani 8 a matanki, mainjini ndi zogwirizira zake. Nambala imeneyi ndaisankha monga chitsanzo, koma siili kutali ndi ya maroketi enieni. Mafuta athu a matani 94.2 afuna zitsulo zolemera matani 8.2, pomwe malo amene tili nawo ndi matani 5.8 okha. Roketi yoteroyo siingafike ngakhale itanyamuka yopanda katundu, ndipo kuikulitsa sikuthandiza, pakuti mafuta akachuluka matanki nawonso amakula molingana. Mukapeza kuti zitsulo zaposa kulemera kotsala, dziwani kuti simunalakwitse masamu, koma mwafika pa malire enieni a roketi ya chigawo chimodzi.

Chachisanu, gawani ulendowo pawiri

Munthu amene wasenza zigubu za madzi paulendo wautali sapitiriza kunyamula chigubu chimene chatha. Roketi imachitanso chimodzimodzi ndi thanki yopanda kanthu pamodzi ndi mainjini akuluakulu amene ntchito yawo yatha. Tiyeni tipatse chigawo chilichonse theka la liwiro, ndiko kuti makilomita 4.7 pa sekondi.

Gawani 4.7 ndi 3.3, mupeza 1.42, ndipo `e^x` ikupatsani pafupifupi 4.15. Roketi ya matani 100 itsala ndi matani 24.1 chigawo choyamba chikatha kuyaka, kusonyeza kuti yawotcha matani 75.9. Zitsulo za mafuta amenewo zilemera matani 6.6, ndipo zikatayidwa patsala matani 17.5. Matani amenewa ndi roketi ina yaing'ono yathunthu, imene ikuyamba ulendo wake ili kale ndi liwiro. Bwerezani masamu omwewo pa iyo: iwotcha matani 13.3, zitsulo zake zilemera matani pafupifupi 1.2, ndipo katundu wofika m'mwamba akhala matani 3. Mafuta ndi omwewo, zitsulo ndi za mtundu womwewo, koma roketi imene siimatha kudzinyamula yokha tsopano yakweza setilaiti ya matani 3.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri pamenepa ndi kuiwala kuti chigawo chachiwiri chonse, pamodzi ndi mafuta ake, chiyenera kuwerengedwa mu `m0` ndi mu `mf` ya chigawo choyamba. Mukachisiya, yankho limaoneka lokoma kuposa zoona. China ndi kudina `log` m'malo mwa `ln` powerengera `Δv` ndi lamulo loyamba lija, zomwe zimachepetsa yankho koposa theka. Kuti mutsimikize, dinani `ln` ya 10, ndipo muyenera kupeza 2.30.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani zigawo zambiri

Mukagawa ulendowo patatu ndi manambala omwewa, katundu afika matani 3.7, ndipo mukaugawa panayi afika matani pafupifupi 4. Phindu likuchepa mofulumira, komanso masamu athu sanawerengere kulemera kwa zida zolumikizira ndi zolekanitsira zigawo. Kulekana kulikonse ndi nthawi yoopsa. Mu 2008 roketi ya Falcon 1 inalephera paulendo wake wachitatu chifukwa injini ya chigawo choyamba inali ikukankhabe pang'ono itazimitsidwa, ndipo chigawocho chinakagunda chinzake zitangolekana. N'chifukwa chake maroketi ambiri amakhala ndi zigawo ziwiri kapena zitatu: Falcon 9 ili ndi ziwiri, Saturn V inali ndi zitatu.

M'chitsanzo chathu tagwiritsa ntchito `ve` imodzi paliponse, pomwe kunena zoona injini imachita bwino kumwamba kopanda mpweya kusiyana ndi pansi. Limeneli ndi phindu lina la zigawo, lomwe ndimaona kuti silitchulidwa mokwanira, lakuti chigawo chilichonse chimapatsidwa injini ndi mafuta oyenera malo ake. Chigawo choyamba cha Saturn V chinkawotcha palafini m'mainjini asanu a F-1 kwa mphindi ziwiri ndi theka, popeza pansi pamafunika mphamvu yaikulu yokankha. Zigawo ziwiri zapamwamba zinkawotcha haidirojeni. Mukaika 4.4 m'malo mwa 3.3 m'masamu a chigawo chimodzi aja, kulemera kotsala kukwera kuchoka pa matani 5.8 kufika pa 11.8, koma kumbukirani kukwezanso nambala ya zitsulo, chifukwa haidirojeni wamadzi ndi wopepuka koposa kakhumi kuyerekeza ndi palafini ndipo amafuna matanki akuluakulu otetezedwa ku kutentha.