Phindu lomwe linkatsika katundu akachuluka m'nkhokwe

M'mabuku a ndalama omwe anandisiyira pa fakitale ya mipando, phindu linkagwa mwezi uliwonse umene tapanga yambiri koma kugulitsa yochepa. Nditafufuza ndinapeza kuti lendi ya fakitale ndi malipiro a akalipentala ankazichotsa zonse mwezi womwewo, ngati ndalama zoyendetsera ofesi.

Ndalama zomwe kampani imagwiritsa ntchito ndinazigawa pawiri. Ndalama za matabwa, akalipentala, lendi ndi magetsi a m'fakitale zimatsata mpando. Zimalowa mu akaunti ya katundu amene akupangidwa, kenaka ya katundu wotha kupangidwa, ndipo zimachotsedwa pa phindu mpandowo ukagulitsidwa basi. Malipiro a akalaliki ndi ndalama zotsatsira malonda zimachotsedwa zonse mwezi womwewo, kaya tagulitsa kaya ayi.

Tinene kuti tapanga mipando 100, tagulitsa 60, ndipo lendi ya fakitale ndi 5,000. Mpando uliwonse wasenza 50, choncho 3,000 ndiyo ichotsedwe. Yotsalayo, 2,000, ikhale pa mipando 40 ya m'nkhokwe monga chuma cha kampani.

Lendi inandivutako chifukwa ofesi ndi fakitale zili denga limodzi. Ndinayeza malo n'kuigawa potengera kukula kwa mbali iliyonse.