Mukutula pansi udindo wa wapampando? Umu ndi momwe mungalembere kalata yotsanzika ku kalabu

Wapampando akachoka mwadzidzidzi, vuto limaonekera ku banki. Ndinaziona ku kalabu ina ya alimi a kachewere cha ku Bembeke kuno ku Dedza: wapampando anatsanzika pakamwa, anthu anaomba m'manja, iye n'kusamuka. Nthawi yogula feteleza itakwana, msungichuma anabwezedwa pa kauntala chifukwa ndalama sizikanatuluka popanda siginecha ya munthu amene anali atapita kale. Kalata yotula pansi udindo ntchito yake ndi kutseka mipata yotereyi, ndipo imayamba kukonzedwa musanagwire n'komwe cholembera.

Choyamba, tsegulani malamulo a kalabu yanu. Onani ngati akunena masiku amene muyenera kudziwitsa anzanu musanachoke, komanso amene amagwirizira mpando chisankho chisanachitike. M'makalabu ambiri amakhala wachiwiri kwa wapampando. Ngati malamulo ali chete, perekani mwezi wathunthu, kuti pakhale misonkhano iwiri: wina wolengeza, wina wosiyirana ntchito. Nyengo nayonso muiganizire. Musachoke kachewere ali m'matumba ogula asanalipire, kapena anthu atangosonkha ndalama za mbewu. Nthawi yabwino ndi pamene mwagulitsa, mwagawana, mabuku atsekedwa.

Chachiwiri, uzani anthu oyenera pamaso kalata isanawerengedwe. Yambani ndi wachiwiri wanu, mlembi ndi msungichuma, kenako amfumu amene anakupatsani malo okumanirana, ndiponso alangizi a zaulimi. Amfumu akamva nkhaniyi kwa amayi pa mjigo, mwaipitsira amene akubwera pambuyo panu.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri amachithawa: kuwerengetsa. Khalani pansi ndi mlembi ndi msungichuma, kope la ndalama ndi malisiti zili patebulo, ndipo ndalama zapamanja ziwerengedwe onse akuona. Tiyerekeze kuti mwapeza K640,000 ku banki ndi K85,000 m'manja mwa msungichuma. Mamembala atatu ali ndi ngongole ya K210,000, pamene kalabu sinalipire K60,000 kwa mwini galimoto amene ananyamula kachewere. Manambala anayi onsewa alembedwe paokhapaokha. Mukangolemba kuti "kalabu ili ndi K875,000" mwanena zoona papepala, koma wotenga mpando adzayembekezera kuzigwira m'manja, pomwe zimene zilipodi lero ndi K725,000, ndipo mwa zimenezo K60,000 ndi za mwini galimoto. Mawa lake mudzamva kuti wapampando wakale anadya ndalama.

Ngati kope ndi ndalama sizikugwirizana, musakwirire. Lembani kusiyanako ndi chimene mukuganiza kuti chinachititsa, kaya lisiti linasowa kaya ndalama ya thiransipoti sinalembedwe. Ndipo ngati mmodzi wa angongole aja ndi inu nomwe, bwezani musanatsanzike. Palibe adzakumbutse wapampando wakale ngongole popanda kudana naye.

Tsopano lembani. Tsamba limodzi ndi lokwana. Chiganizo choyamba chinene kuti mukutula pansi udindo ndi tsiku lake lenileni, osati "posachedwapa". Chifukwa chake chikhale chachifupi. Ngati mukuchoka mutakhumudwa, kalata si bwalo la milandu. Imasungidwa m'failo ndipo idzawerengedwa ndi anthu amene mkanganowo sanauone.

Pa kuthokoza m'pamene makalata ambiri amasukuluka. "Ndikuthokoza aliyense pa zonse" sipamveka munthu. Tchulani ntchito imene inachitika ndi amene anaichita, koma muyambe mwayendetsa chala pa kaundula wa mamembala, chifukwa kutchula asanu n'kuiwala wachisanu ndi chimodzi amene anavutika nawo limodzi kumapweteka kuposa kusatchula aliyense. Njira yosalakwa ndi kuthokoza a maudindo payekhapayekha, ena onse monga gulu, pa chinthu chimene anachitadi. Nachi chitsanzo, inu muikemo maina enieni:

"Kwa akomiti ndi mamembala onse,

Ndalemba kukudziwitsani kuti nditula pansi udindo wa wapampando pa 31 Julayi. Mayi anga akudwala ku Ntcheu ndipo ndizikhala kumeneko nthawi zambiri, choncho sindingathe kumapezeka pa misonkhano.

Ndikuthokoza amfumu potipatsa malo omangapo nyumba yosungiramo mbewu. Alembi athu, zikomo chifukwa kope la maminitsi silinadumphe msonkhano ngakhale umodzi. Amsungichuma, munkayenda wapansi mu chisanu cha Juni kukakwera galimoto ya ku boma kuti ndalama zisagone pakhomo, Mulungu akudalitseni. Azimayi ndi azibambo nonse amene munaumba njerwa ndi kutuma ana kudzatunga madzi, nyumba ija ndi yanu. Pamene ndinakulakwirani, mundikhululukire.

Kuyambira pa 1 Ogasiti wachiwiri kwa wapampando agwirizira mpando kufikira chisankho, monga mwa malamulo athu. Pa msonkhano wa pa 24 Julayi ndidzapereka pamaso panu kiyi wa nyumba ya mbewu, chidindo, sikelo imodzi ndi masipuleya awiri, imodzi ndi yothonya. Ndalama ndi ngongole zalembedwa pa pepala lomwe ndaphatikiza, losainidwa ndi mlembi ndi msungichuma. Tidzapita ku banki kukasintha osainira tsiku lotula lisanafike.

Ntchito ziwiri ndazisiya panjira: kulipira mwini galimoto, ndi kupereka kwa alangizi maina a amene akufuna mbewu yatsopano. Ndikhalabe membala, ndipo mpaka kumapeto kwa Ogasiti mukhoza kundifunsa chilichonse chokhudza mabuku."

Taonani kuti sipuleya yothonya yatchulidwa. Katundu woonongeka mukamubisa, amasanduka mlandu wa amene wamulandira. Taonaninso kuti kalatayi sinasankhe wolowa m'malo. Mwina mumtima muli naye amene mukumufuna, koma mukamulemba dzina ndiye kuti mwavotera anthu, ndipo iyeyo adzatchedwa woikidwa ndi inu.

Za ku banki zimafuna kuyambiratu. Kawirikawiri amafuna maminitsi a msonkhano umene unagwirizana zosintha osainira, kalata ya kalabu, ndi chiphaso cha unzika cha wosainira watsopano, yemwe amayenera kukaonekera yekha. Funsani ku nthambi yanu musananyamuke, kuti musaononge ndalama yokwerera kawiri. Ndipo ngati mamembala ndi ogula akhala akutumiza ndalama za kalabu pa Airtel Money kapena Mpamba ya nambala yanu, samutsani zonse zotsalamo msungichuma akuona, mulengeze nambala yatsopano, ndi kuwaimbira ogula mmodzimmodzi. Mukapanda kutero, ndalama za kalabu zizingolowabe m'foni mwanu miyezi ikupita.

Tsiku losiyirana, werenganinso kalata mokweza, chifukwa si onse amawerenga. Katundu aperekedwe chimodzichimodzi, wolandira akusaina pa mndandanda, ndipo mlembi alembe zonsezi m'maminitsi. Mapepala akhale awiri ofanana, lina la kalabu, lina mupite nalo kwanu. Pa msonkhano wotsatira, ngati mulipo, khalani pa benchi la mamembala. Wina akabwera kudzakunong'onezani nkhani ya kalabu panjira, muuzeni kuti, "Pitani nayo kwa apampando."