Uchi wanga unkaoneka ngati mafuta a injini pa chithunzi

Ndimagulitsa uchi pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu. Nditatumiza zithunzi za mabotolo ku ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso, kuti ione maonekedwe ake, inkangoyankha kuti uchi ndi wakuda ndipo zolemba sizikuwerengeka. Kuyatsa tochi ya foni kunangobweretsa kunyezimira. Kujambula usiku pansi pa babu kunasandutsa zonse zachikasu.

Ndinapukuta galasi la kamera, kenaka ndinaika botolo patebulo pafupi ndi windo, mmawa, babu litazimitsidwa. Kumbuyo ndinaimika katoni yokutidwa ndi pepala loyera. Chomwe chinasintha zinthu ndi mbali imene kuwala kumachokera. Kukachokera kutsogolo, botolo limabweza kuwalako n'kuphimba zolemba. Kukachokera chammbali, chakumbuyo pang'ono, kumadutsa muuchimo, mtundu wake weniweni n'kuoneka. Mitambo ya kuno inandithandiza, chifukwa imafewetsa dzuwa.

Ndinajambula zitatu: botolo lonse, zolemba chapafupi, ndi botolo lili m'manja kuti kukula kwake kudziwike. Potumiza ku ChatGPT ndinalembanso amene amagula uchiwo, n'kufunsa chimodzi chokha: kodi zolembazi zingawerengeke pa shelefu? Apa inati dzina la uchi ndi laling'ono ndipo likuphimbika ndi maluwa ojambulidwawo. Ndalama inangopita ku pepala ndi bando ya intaneti basi.