Timadontho tochepa pa kiyibodi: mmene munthu wosaona amapezera mabatani ndi kulamula kompyuta

Munthu wosaona akakhala pa kompyuta, mawusi amaikankhira pambali, chifukwa kamuvi kake kamafuna diso loti lizikatsatira. Ntchito yonse imagwera kiyibodi ndi makutu. Pulogalamu yowerenga za pasikirini imanena mokweza zomwe zalembedwa, ndipo munthuyo amaiuza kopita podina mabatani. Ndiye taganizani: ngati chala chaphonya batani limodzi lokha, lamulo lonse lapita kwina. N'chifukwa chake ndikamaphunzitsa munthu watsopano sindiyamba ndi malamulo. Ndimayamba ndi kiyibodi yeniyeniyo, kuti manja adziwe pomwe ali.

Mapulogalamu owerengawa alipo angapo. JAWS ndi yogula. Narrator imabwera kale mu Windows ndipo imayatsidwa ndi `Ctrl+Windows+Enter`, pomwe pa makompyuta a Mac pali VoiceOver, yoyatsa ndi `Command+F5`. Pano ndigwiritsa ntchito NVDA, yaulere, imene Michael Curran, mwiniwake wosaona, anaiyamba ku Australia mu 2006. Mukaidziwa iyi, JAWS sikuvutani kwambiri, pakuti maganizo ake ndi amodzimodzi ngakhale mabatani ena amasiyana.

Yendetsani chala pa mzere wapakati wa zilembo. Pa `F` ndi pa `J` mumva kamzere kotukuka, ndipo ngati kiyibodi yanu ili ndi manambala a kumanja, kena kali pa `5`. Anaika dala opanga. Chala chamkombaphala chakumanzere chikhale pa `F`, chakumanja pa `J`, zala zina zitatu za dzanja lililonse zigone pa mabatani oyandikana nawo, zala zazikulu zikhale pa batani lalitali losiyira mpata. Apa ndiye pakhomo. Chala chilichonse chimachoka apa kukadina chilembo chake n'kubwereranso, ndipo zilembo zonse 26 zimapezeka motero popanda chizindikiro china chilichonse.

Apa mpomwe achibale okonda m'bale wawo amalakwitsa, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa amachita ndi mtima wabwino. Amagula timadontho tomata n'kumata pafupifupi batani lililonse. Koma chizindikiro chimathandiza chifukwa chosiyana ndi zoyandikana nazo. Mabatani onse akatukuka, chala sichisiyanitsanso kanthu, ngakhale `F` ndi `J` amene amasowa pakati pa anzawo. Zomata za zilembo za Braille nazo zili ndi malire ake: Braille amawerenga poyendetsa nsonga ya chala pang'onopang'ono, pomwe kutaipa n'kugogoda n'kuchoka. Munthu akazolowera kuwerenga batani lililonse asanadine, liwiro silibwera. Komanso ambiri amene anasiya kuona atakula kale sadziwa n'komwe Braille.

Timadontho tipite pomwe dzanja limalumpha kuchoka pakhomo paja. Ine ndimayamba ndi tisanu kapena tisanu ndi kamodzi basi. Pa mzere wa manambala ndimamata pa `4` ndi pa `7`, chifukwa awa ndi amene zala zamkombaphala zimakafikako zikakwera, ndipo manambala ena munthu amawerengera kuchokera pamenepo. Kena ndimaika pa `Insert`, kena pa `F7`, kena pa `Ctrl` wakumanzere. `Enter` ndi `Backspace` nthawi zambiri safuna kanthu, ndi aakulu kale. Pakapita masiku, ngati pali batani limene munthu akuliphonya mobwerezabwereza, ilo ndiye liwonjezedwe. Limene walizolowera, kadontho kake kachoke.

`Insert` ndimamuteteza kwambiri pa chifukwa ichi. NVDA ili ndi batani lakelake, limene m'malangizo amangolilemba kuti `NVDA`, ndipo malamulo ambiri amayamba nalo. Batanilo ndi `Insert`, kapena `Caps Lock` mukasankha choncho. Pa kiyibodi yaikulu, `Insert` ali pamwamba penipeni pa `Delete`. Chala chikatsika pang'ono, mwafufuta chilembo m'kalata yanu pomwe mumafuna kungofunsa nthawi. Pa laputopu vuto ndi lina: `Insert` amabisika, nthawi zina amagawana batani ndi ntchito ina. Pamenepo musavutike, sankhani `Caps Lock` pa kabokosi kamene kamatuluka NVDA ikangoyamba. Ali pambali pa `A`, kachala kakang'ono kamamupeza osachoka pakhomo. Mukafuna zilembo zazikulu mumangomudina kawiri mofulumira.

Pomata, pukutani batani kuti mafuta a zala achoke, liume, kenaka matani n'kukanikiza kwa kanthawi. Pa laputopu sankhani timadontho tafupi, chifukwa totalika timakhudza sikirini mukatseka. Munthu amene zala zake sizimva bwino, monga ena odwala matenda a shuga, amafuna tokulirapo ndiponso tosiyana kakhudzidwe, kena kozungulira, kena ka makona, kena kokhakhala. Ndipo amate mwiniwake, kapena dzanja lake likhale pomwepo pomata. Kadontho komwe wina wamata iye kulibe kamakhala chinthu chinanso choti aloweze.

Kwa amene amaona pang'ono pali zomata za zilembo zikuluzikulu, zakuda pa chikasu kapena zoyera pa chakuda. Zimathandizadi kupeza mabatani osagwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti munthu amayamba kuwerama, mphuno pafupi ndi kiyibodi, kenaka kudzutsa mutu kufunafuna pomwe anasiyira pa sikirini. Pofika masana khosi ndi maso zatopa. Zomatazo zikhalepo, koma zilembo aphunzire ndi zala monga mnzake wosaoneratu. Maso otsalawo awasungire sikirini.

Timadontho tikakhazikika, dinani `NVDA+1`. Limeneli ndi lamulo limene ndimalikonda kuposa onse. Kuyambira pamenepo batani lililonse limene mwadina limangotchulidwa dzina, osachita kanthu, ndipo mukadina lamulo la NVDA imakuuzani ntchito yake. Munthu wamantha, woopa kuti awononga kompyuta ya eni, amamasuka n'kuyendera kiyibodi yonse. Mukadina batani la m'munsi kumanzere koma osamva kalikonse, kawirikawiri ameneyo ndi `Fn`, amene pa malaputopu ambiri NVDA siimumva n'komwe. Malaputopu ena amaika `Fn` pakona pomwe ena amaikapo `Ctrl`, n'chifukwa chake `Ctrl` ndinamupatsa kadontho. Mukatha dinaninso `NVDA+1`. Ambiri amaiwala zimenezi n'kumadabwa kuti kompyuta ikulankhula koma sikumvera.

Tsopano tione ntchito yeniyeni. Bambo wina amene ndinkamuphunzitsa, amene anasiya kuona ali wamkulu, ankafuna kulemba uthenga pa fomu ya pa intaneti. Anadina `Alt+Tab` mpaka anamva dzina la pulogalamu yotsegulira masamba, n'kutsimikiza ndi `NVDA+T`, limene limawerenga mutu wa windo. Tsamba linayamba kuwerengedwa kuchokera pamwamba, malinki ambirimbiri. Anadina `Ctrl`, mawu n'kuima. Munthu woona sawerenga tsamba lonse, amaponya diso pa mitu. Wosaona amachita chimodzimodzi ndi chilembo `H`, chimene chimalumphira pa mutu wotsatira. `K` amapita pa linki, `B` pa batani, `E` pa malo olembapo, ndipo mukawonjeza `Shift` mumabwerera m'mbuyo. Tsamba likakhala lalitali, `NVDA+F7` amatulutsa mndandanda wa malinki ndi mitu kuti musankhe.

Bamboyo anadina `H` katatu, anamva mutu wa fomu, anadina `E`, anamva kuti wafika polemba. Anayamba kutaipa mawu oti thandizo. Pa chilembo choyamba NVDA inati `no next table`, pa chachiwiri inalumphira pa mutu wina kutali. Anachotsa manja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, yapenga iyi."

Sinapenge. Pa masamba a intaneti NVDA imakhala m'njira ziwiri. Mu `browse mode`, zilembo ndi malamulo oyendera: `T` amafunafuna tebulo, `H` mutu. Mu `focus mode`, zilembo zimalowa m'bokosi monga zolemba. Mukafika pa bokosi ndi `Tab`, NVDA imasintha yokha. Koma mukafika ndi `E`, mwangoima pakhomo pa bokosilo, simunalowe. Muyenera kudina `Enter` kapena `NVDA+Space`. Njira iliyonse ili ndi kaphokoso kake, ndipo ndimauza ophunzira kuti asinthe uku ndi uku kakhumi mpaka khutu ligwire kusiyana kwake. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta: mukutaipa koma m'malo momva zilembo zanu mukumva za matebulo ndi mitu.

Atalowa bwino, anataipa moni. NVDA inanena chizindikiro chopumira, kenaka `p`, `m`, `o`. Pobwera kuchokera pa `Enter`, dzanja lamanja linatera batani limodzi kumanja, chala chamkombaphala chili pa `K` m'malo mwa `J`, ndipo moni anasanduka `,pmo`. Mukamva zilembo za dzanja limodzi zikutuluka zachilendo pomwe za dzanja linalo zili bwino, musafufuze patali, dzanja lasuntha. Imani, pezani kamzere ka pa `J`, ndipo muyambirenso. Pa kiyibodi yakale kamzereko kamatha ndi kugwiragwira. Pamenepo kadontho pa `F` ndi pa `J` n'koyenera kuposa kwina kulikonse.

Anazindikira msanga chifukwa NVDA inkatchula chilembo chilichonse. `NVDA+2` ndiye amayang'anira katchulidwe ka zilembo, `NVDA+3` ka mawu athunthu. Woyamba kumene asiye zilembo zizimveka. Liwiro likakwera, mawu a kompyuta amatsalira m'mbuyo mwa zala n'kuyamba kusokoneza, ndiye ndi bwino kuzimitsa zilembo n'kusiya mawu athunthu. Dziwaninso kuti liwu lachingerezi limapotoza mawu a Chichewa, moti khutu silingakuuzeni ngati mwalemba molondola. Pa kiyibodi yaikulu dinani `NVDA+Up Arrow` kuti iwerenge mzere, ndipo mukadina kawiri mofulumira imatchula chilembo chimodzichimodzi. Mu bokosi la pasiwedi thandizoli kulibe: NVDA siitchula zilembo zanu, kuti oyandikana nanu asamve. Apo zala zimayenda zokha, ndipo munthu wodalira khutu kuti limukonze amakanidwa kulowa katatu konse.

Vuto lomaliza limene limaopsa ophunzira ndi kompyuta kungoti zii. Pa malaputopu ambiri, mabatani a pamwamba aja, `F1` mpaka `F12`, amabwera atakonzedwa kuti azitsitsa mawu, kuwazimitsa kapena kusintha kuwala. Munthu akufunafuna `F7`, chala n'kugunda batani lozimitsa mawu, ndipo palibenso chomuuza chimene chachitika. Choncho tsiku loyamba lomwe, pezani batani limenelo pa laputopu yanu, mulipatse kadontho kosiyana ndi tonse, ndipo wophunzira ayesere kuzimitsa ndi kuyatsa mawu inu muli pambali. Pa malaputopu ambiri `Fn+Esc` amabwezera mabataniwo ku ntchito yawo yakale. Ngati mawu sanazimitsidwe, onani ngati mahedifoni alowa bwino, kenaka dinani `NVDA+S`, pakuti lamuloli limasinthasintha kalankhulidwe ka NVDA ndipo njira yake imodzi ndi kukhala chete. Zonsezi zikakanika, `Ctrl+Alt+N` amayambitsanso NVDA imene inaikidwa mu kompyutamo, ndipo pakapita masekondi ochepa mumva kanyimbo kake koyambira.